Kusamutsa phindu, maiko othawirako msonkho ndi msonkho wa 15 peresenti: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwera mobwerezabwereza nkhani ya misonkho ya makampani akuluakulu ikayambika. Chitsanzo cha fakitale chimene chili pa funso lachiwiri chigwiritsidwanso ntchito m'mayankho ena kutsogoloku, choncho ndi bwino kuchiwerenga modekha musanadumphire kwina.

Kodi kusamutsa phindu n'kutani?

Kampani imakhoma msonkho pa phindu, kutanthauza ndalama zotsala ikachotsa zonse zimene yawononga pa ntchito yake. Kampani ya m'dziko limodzi ilibe kothawira: phindu lake limawerengedwa komweko. Koma gulu la makampani limene lili ndi nthambi m'maiko 40 limatha kusankha nthambi imene phindulo lilembedwe. Fakitale siyisuntha, antchito sasuntha, ogula ndi omwewo. Chimene chimasamuka ndi manambala a m'mabuku, kuchoka m'dziko la msonkho wokwera kupita m'dziko la msonkho wotsika kapena lopanda msonkho n'komwe.

Izi zimatheka chifukwa malamulo amaona nthambi iliyonse ngati kampani payokha, ngakhale mwini wake ali mmodzi. Nthambi zikamagulitsana katundu, kukongozana ndalama kapena kulipirana ntchito, wogula ndi wogulitsa amakhala munthu yemweyo, ndipo mtengo amauika yekha.

Zimachitika bwanji kwenikweni?

Tiyerekeze gulu limene likulu lake lili m'dziko A. Lili ndi fakitale ya zakumwa m'dziko B, kumene msonkho wa makampani ndi 30 peresenti, komanso kanthambi m'dziko C, kumene kulibe msonkho pa phindu. Ku C kuli chipinda chimodzi, matebulo awiri, antchito atatu ndi kabati ya mapepala.

Fakitale ya ku B yagulitsa zakumwa za madola 100 miliyoni pa chaka. Shuga, mabotolo, magetsi, mafuta a magalimoto ndi malipiro a antchito zadya madola 80 miliyoni. Phindu ndi madola 20 miliyoni, ndipo boma la B likanalandira madola 6 miliyoni.

Tsopano gululo likonza mapepala atatu. Loyamba likunena kuti dzina la chakumwacho ndi kaphikidwe kake ndi za nthambi ya ku C, choncho fakitale izilipira 5 peresenti ya zonse zimene yagulitsa pogwiritsa ntchito dzinalo. Apa patuluka madola 5 miliyoni. Lachiwiri ndi ngongole. M'malo moika ndalama mu fakitale ngati masheya, gululo limazidutsitsa ku C, ndipo C imakongoza fakitale madola 100 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti. Chifukwa chake n'chosavuta: chiwongoladzanja chimachotsedwa phindu lisanawerengedwe, pomwe ndalama zogawira eni masheya zimaperekedwa msonkho utakhomedwa kale. Apa patulukanso madola 10 miliyoni. Lachitatu ndi malipiro a upangiri ndi utsogoleri, amene C ikuti yapereka kwa fakitale: madola 2 miliyoni.

Phindu la ku B latsala madola 3 miliyoni, ndipo msonkho wake ndi madola 900,000. Boma la B lataya madola 5.1 miliyoni. Madola 17 miliyoni alembedwa ku C, m'chipinda cha matebulo awiri chija, ndipo palibe msonkho umene wakhomedwa pa ndalamazo.

Wina afunsa kuti bwanji B osadula msonkho pa ndalama zimene zikutuluka m'dziko. Maiko ambiri ali nalo lamulo lotere, koma mapangano a msonkho a pakati pa maiko awiriawiri nthawi zambiri amautsitsa kapena kuuchotseratu. Gulu lochenjera limayang'ana dziko limene lili ndi pangano lofewa ndi B, n'kudutsitsa ndalamazo kumeneko kaye. M'chitsanzo chathu tatenga kuti pangano lotere lilipo.

Njira yachinayi, yofala kwambiri pa migodi ndi mbewu, ndi kugulitsa katundu motchipa kwa nthambi ina ya gulu lomwelo, imene kenako imamugulitsa pa mtengo weniweni wa pamsika. Sitima yonyamula katunduyo siyifika n'komwe m'dziko la nthambiyo. Kumafika mapepala okha.

Kodi kumeneku si kuba? Malamulo amalola?

Pali kusiyana pakati pa kuzemba msonkho, monga kubisa ndalama kapena kulemba malisiti abodza, ndi kupewa msonkho pogwiritsa ntchito mipata ya m'malamulo. Koyambako ndi mlandu poyera. Kusamutsa phindu nthawi zambiri kumachitikira pakati, pamene munthu sangathe kuloza chala mosavuta.

Lamulo lilipo, ndipo mizu yake ndi ntchito ya bungwe lakale la maiko la League of Nations m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Limati nthambi za gulu limodzi ziziikirana mitengo imene makampani awiri osadziwana akanagwirizana. Pa thumba la simenti lamuloli limagwira, chifukwa mtengo wake pamsika ukudziwika. Nanga dzina la chakumwa, kapena pulogalamu ya pakompyuta imene sinagulitsidwepo kwa wina aliyense, mtengo wake woyenera ndi wotani? Palibe chofanizira. Kampani imabweretsa lipoti la masamba mazanamazana losonyeza kuti 5 peresenti ndi yoyenera, ndipo bungwe lotolera msonkho liyenera kupeza umboni woti ayi.

Maboma amapambana nthawi zina, koma mochedwa. Mu 2020 khoti lalikulu kwambiri la ku Zambia linagamula mokomera bungwe lotolera msonkho la dzikolo pa mlandu wa kampani ya migodi ya Mopani, imene inkagulitsa kopa kwa Glencore, mwini wake, pa mitengo yotsika. Kampaniyo inalamulidwa kulipira msonkho woonjezera wa 240 miliyoni kwacha ya ku Zambia. Malonda amene ankakanganiranawo anali a zaka zoposa khumi m'mbuyo.

Dziko lothawirako msonkho ndi lotani? Ndi tizilumba tokha?

Ayi. Bermuda, zilumba za Cayman ndi British Virgin Islands n'zimene zimatchuka, koma phindu lochuluka la makampani ladutsa kapena kuima m'maiko olemera ndi olemekezeka: Ireland, Netherlands, Luxembourg, Switzerland ndi Singapore. Chizindikiro si msonkho wolembedwa m'buku la malamulo wokha. Dziko likhoza kulemba 25 peresenti koma n'kukhala ndi malamulo apadera, kapena mapangano a m'chipinda ndi kampani imodziimodzi, amene amautsitsa kufika pafupi ndi ziro.

Ireland ndi chitsanzo chodziwika. Msonkho wake wa makampani wakhala 12.5 peresenti kuyambira 2003. Koma mu 2016 nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa maiko a ku Ulaya inapeza kuti imodzi mwa nthambi za Apple kumeneko inalipira 0.005 peresenti yokha pa phindu lake mu 2014, ndipo inalamula kuti Ireland itolere mayuro 13 biliyoni. Chodabwitsa n'chakuti boma la Ireland lenilenilo linakana ndalamazo n'kupita kukhoti limodzi ndi kampaniyo, poopa kutaya mbiri yake kwa makampani ena. Mlanduwo unatha mu Seputembala 2024, khoti lalikulu la mgwirizanowo litagamula kuti ndalamazo zilipiridwe.

Maiko ena amagwira ntchito ngati mpopi chabe. Mu 2017 Google inadutsitsa mayuro 19.9 biliyoni pa kampani yake ya ku Netherlands kupita ku Bermuda. Njira imeneyi inkadutsanso ku Ireland, ndipo inkadalira malamulo a kumeneko amene anatsekedwa kwa makampani atsopano mu 2015 ndipo anatheratu kumapeto kwa 2020.

Ndalama zimene zimatayika ndi zingati?

Bungwe la OECD, limene limasonkhanitsa makamaka maiko olemera pa nkhani za chuma, linayerekeza mu 2015 kuti maboma amataya madola 100 mpaka 240 biliyoni pa chaka, zomwe ndi 4 mpaka 10 peresenti ya msonkho wonse wa makampani padziko lapansi. Akatswiri a zachuma Thomas Tørsløv, Ludvig Wier ndi Gabriel Zucman anapeza kuti gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a phindu limene makampani amapeza kunja kwa maiko awo limalembedwa m'maiko othawirako msonkho. Maiko osauka amamva kupweteka kwambiri chifukwa amadalira msonkho wa makampani kuposa mmene maiko olemera amaudalirira, ndipo nthawi zambiri makampani ochepa chabe ndiwo amapereka gawo lalikulu la msonkhowo.

Bwanji dziko lililonse osangokhwimitsa malamulo ake palokha?

Ambiri ayesa. Kuyambira 2013 OECD ndi gulu la G20 la maiko a chuma chachikulu anayambitsa ntchito yolimbana ndi kusamutsa phindu yotchedwa BEPS, imene mu 2015 inatulutsa mfundo 15 zotsekera mipata. Imodzi mwa izo, yochepetsa chiwongoladzanja chimene kampani ingachotse kufika pa 30 peresenti kapena kucheperapo ya phindu lake lisanachotsedwe chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha mphamvu kwa katundu, ikanaluma ndithu ngongole ya m'chitsanzo chathu. Koma mpata umodzi ukatsekedwa, alangizi a makampani amapeza wina, chifukwa chokopa chenichenicho chidakalipo: kwinakwake kuli dziko la ziro.

Palinso vuto lachiwiri. Dziko likatsitsa msonkho kuti likope makampani, loyandikana nalo limatsitsanso, ndipo pomaliza onse amatolera zochepa pomwe palibe amene wapambana mnzake. Cha m'ma 1980 msonkho wa makampani padziko unkakhala pafupifupi 40 peresenti. Masiku ano uli pansi pa 25 peresenti. Dziko limodzi silingaimitse mpikisano umenewu palokha, chifukwa loyamba kuima ndi limene limathawidwa.

Ndiye msonkho wa 15 peresenti ndi chiyani, ndipo anagwirizana ndani?

Pa 8 Okutobala 2021 maiko ndi madera 136 anavomereza pangano la mbali ziwiri pansi pa OECD. Mbali yoyamba inkafuna kugawira maiko a ogula gawo la phindu la makampani aakulu kwambiri. Imeneyo yaima, sinayambe kugwira ntchito. Mbali yachiwiri ndi imene tikukambayi: gulu lililonse limene limagulitsa zinthu za mayuro 750 miliyoni kapena kuposa pa chaka lizikhoma msonkho wosachepera 15 peresenti m'dziko lililonse limene lili ndi nthambi. Makampani ang'onoang'ono sakhudzidwa.

Nzeru yake ili apa. Panganoli silikakamiza dziko C kukweza msonkho. Limangonena kuti C ikapanda kutolera, dziko lina litolera chotsalacho. Zikatero, ziro wa ku C sathandizanso kampani, ndipo C imangokhala ikupatsa boma lina ndalama zimene ikanasunga. Ndi chifukwa chake maiko amene ankayembekezeka kukana ndi amene anathamanga kukhazikitsa msonkhowo. Anthu a ku Switzerland anauvomereza pa voti ya mu Juni 2023. Bermuda, imene inalibe msonkho wa makampani, inayamba kutolera 15 peresenti kwa magulu aakulu mu 2025, ndipo United Arab Emirates inachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, Britain, Japan, South Korea, Canada ndi Australia anayamba kugwiritsa ntchito malamulowa mu 2024.

Amauwerengetsa bwanji?

Amawerengetsa dziko ndi dziko, osati gulu lonse pamodzi. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa akanasakaniza, msonkho wokwera wa ku B ukanaphimba ziro wa ku C.

Tibwerere ku chitsanzo chathu, tikutenga kuti gululo ndi lalikulu mokwanira. Choyamba amaona msonkho weniweni umene gulu lalipira ku C, n'kuugawa ndi phindu la kumeneko: ziro pa madola 17 miliyoni ndi 0 peresenti. Chosowa kuti zifike pa 15 ndi 15 yense. Kenako amachotsako kagawo ka phindu kamene kamatengedwa kuti kachokera ku ntchito yooneka ndi maso, komwe ndi 5 peresenti ya malipiro a antchito ndi 5 peresenti ya mtengo wa nyumba ndi makina. Panopa magawowa ndi okwererapo, chifukwa anayambira pa 10 ndi 8 peresenti ndipo akutsika pang'onopang'ono kwa zaka khumi, koma tigwiritse ntchito 5 wokhazikikayo. Ngati malipiro ndi katundu wa ku C zonse pamodzi ndi madola 1 miliyoni, chochotsedwa ndi madola 50,000 okha. Patsala madola 16.95 miliyoni, ndipo 15 peresenti yake ndi madola pafupifupi 2.54 miliyoni. Umenewu ndiye msonkho woonjezera.

Onani kuti ofesi ya matebulo awiri ilibe pobisala, pomwe fakitale yeniyeni imachotseredwa zambiri. Anachita dala zimenezi.

Ndalama zoonjezerazo amatolera ndani?

Pali mzere, ndipo nkhani yonse yagona pa mzerewo. Woyamba ndi C mwini wake, ngati wakhazikitsa msonkho woonjezera wa m'dziko mwake, umene m'malamulo umalembedwa QDMTT. Akapanda kutero, dziko la likulu, A, limatolera kudzera mu lamulo lotchedwa IIR. Nalonso A likapanda kutolera, maiko ena amene gululo lili ndi nthambi amagawana ndalamazo motengera chiwerengero cha antchito ndi katundu amene ali kwawo. Lamulo lomalizali ndi UTPR.

Kodi dziko la fakitale lija lipezanso madola 5.1 miliyoni amene linataya?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mu mzere umene tafotokozawu B ali kumapeto. Madola 2.54 miliyoni apita ku C kapena ku A. Phindu limene linapangidwa ndi manja a antchito a ku B lakhomedwa msonkho tsopano, koma wolandira ndi wina.

Komanso gululo silinasiye kupindula. Lapulumutsa madola 5.1 miliyoni ku B, lalipira 2.54 miliyoni kwina, ndiye latsala ndi pafupifupi 2.56 miliyoni m'thumba. Chokopa chachepa ndi theka, koma sichinathe. Ubwino kwa B ndi woti magulu ena adzaona kuti chotsalacho sichikulingana ndi ndalama za alangizi komanso chiopsezo cha milandu, n'kusiya kapena kuchepetsa. Ndi ubwino weniweni, koma wobwera mozungulira, ndipo ine sindiona chifukwa choti boma la dziko ngati B lichepetse ofufuza mabuku a makampani poganiza kuti nkhani yatha.

Maiko osauka anapatsidwa chida chimodzi chapadera, lamulo lotchedwa STTR. Limalola B kudula msonkho pa chiwongoladzanja ndi malipiro ena opita ku nthambi ya gulu lomwelo ngati kumene akupitako akukhomedwa pansi pa 9 peresenti, koma kungofikitsa pa 9 pomwepo. Kuti ligwire ntchito, liyenera kulowetsedwa kaye m'pangano la msonkho la pakati pa maiko awiriwo.

Nanga maiko amene amakhululukira makampani msonkho kwa zaka zingapo kuti abwere?

Apa pakufunika tcheru. Tiyerekeze kuti B inauza gulu lalikulu kuti limange fakitale ndipo silidzakhoma msonkho kwa zaka khumi. Fakitale yapeza phindu la madola 20 miliyoni, malipiro a antchito ndi 10 miliyoni, makina ndi nyumba ndi 70 miliyoni. Chochotsedwa ndi 5 peresenti ya 80 miliyoni, yomwe ndi 4 miliyoni. Pa 16 miliyoni yotsalayo pakhomedwa 15 peresenti: madola 2.4 miliyoni. Ngati B ilibe QDMTT, ndalamazo zipita ku boma la A. Kampani yalipira ndithu, B yadzimana pachabe, ndipo mphatso imene inkafuna kupatsa kampani yathera m'thumba la dziko lolemera.

Mankhwala ake ndi kukhazikitsa QDMTT, ndipo bungwe la ATAF, limene limasonkhanitsa mabungwe otolera msonkho a mu Africa, linakonza chitsanzo cha lamulo lotere. Chovuta n'chakuti mapangano ena, makamaka a migodi, ali ndi ndime yoletsa boma kusintha msonkho wa kampaniyo kwa zaka zambiri. Boma liyenera kukambirana ndi kampani iliyonse payokha, ngakhale kuti kampani yanzeru ilibe chifukwa chokanira, poti ndalamazo ilipirabe kwina.

Chifukwa chiyani 15, osati kuposa?

Ndi nambala ya ndale, osati ya masamu. Boma la America linayamba ndi 21 peresenti mu 2021, ATAF inkafuna osachepera 20, ndipo akatswiri ena ankati 25. Ireland inalowa pokhapokha mawu oti osachepera atachotsedwa patsogolo pa 15 m'chikalatacho, kuti nambalayo isadzakwere. Maiko ambiri osauka ali ndi msonkho wa 25 mpaka 30 peresenti, choncho mpata wa pakati pa 30 ndi 15 udakali waukulu. Kenya, Nigeria, Pakistan ndi Sri Lanka sanasaine pangano la 2021 pa nthawiyo. Kusakhutira kotereku n'kumene kunachititsa maiko a mu Africa, motsogozedwa ndi Nigeria, kutengera nkhaniyi ku bungwe la United Nations, limene kumapeto kwa 2023 linavomereza kuyamba kukonza pangano lake la misonkho.

America ili pati?

America inavomereza mu 2021 koma nyumba yake ya malamulo sinakhazikitse malamulowo. Ili ndi msonkho wake pa phindu la kunja, umene unabwera mu 2017 ndi dzina loti GILTI, koma umenewo umasakaniza maiko onse pamodzi, chinthu chimene tanena kuti chimaphimba ziro. Mu Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump analengeza kuti panganolo lilibe mphamvu m'dziko lake, ndipo mu Juni chaka chomwecho maiko asanu ndi awiri olemera a gulu la G7 anagwirizana kuti magulu a likulu ku America asakhudzidwe ndi IIR ndi UTPR. Ndi chibowo chachikulu, poti ambiri mwa makampani aakulu kwambiri ndi a kumeneko. QDMTT yokha ndi imene imawagwirabe, chifukwa ndi msonkho wa dziko pa phindu lolembedwa m'dziko lomwelo.

Munthu angadziwe bwanji kuti kampani ikusamutsa phindu?

Chizindikiro choyamba ndi nthambi imene ikulemba kuti ikuluza chaka ndi chaka koma ikukulirakulira, kugula makina atsopano ndi kulemba antchito ena. Mwini wake sangapitirize kuthira ndalama pamene sakupeza kanthu. Phindu lilipo, likungotulukira khomo lina. Chachiwiri chili m'mabuku a pachaka, pa gawo lofotokoza malonda ndi makampani achibale. Yang'anani amene wapereka ngongole, chiwongoladzanja chake poyerekeza ndi cha banki, ndi kukula kwa ngongoleyo poyerekeza ndi masheya. Malipiro a upangiri amene amakhala peresenti yokhazikika ya zogulitsa, mosatengera kuti ntchito yagwiridwa yochuluka bwanji, amafunika kufunsidwa: anabwera ndani, liti, anachita chiyani, lipoti lake lili kuti?

Chida champhamvu kwambiri ndi lipoti la dziko ndi dziko, limene magulu a mayuro 750 miliyoni akhala akupereka ku mabungwe otolera msonkho kuyambira chaka cha 2016. Limasonyeza zogulitsa, phindu, msonkho wolipiridwa, antchito ndi katundu m'dziko lililonse. M'chitsanzo chathu mzere wa B ungaonetse antchito 800 ndi phindu la madola 3 miliyoni, pomwe mzere wa C ungaonetse antchito atatu ndi madola 17 miliyoni. Wantchito mmodzi ku B wapanga madola 3,750, mnzake ku C wapanga oposa 5.6 miliyoni. Lipotili si umboni wokwanira kukhoti, koma limauza wofufuza kabati yoyamba kutsegula. Nthawi zambiri limaperekedwa ku dziko la likulu, ndipo B imalilandira pokhapokha itasaina mapangano osinthana uthenga ndi kusonyeza kuti ingalisunge mwachinsinsi, zimene maiko ambiri osauka atenga zaka kuti akwanitse. Mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi Australia ayamba kulamula kuti mbali ina ya malipotiwa izisindikizidwa poyera, choncho atolankhani ndi aphungu a nyumba za malamulo angathe kudziwerengera okha.